Sabata yomwe tinazimitsa E1

Ntchito ya sabata yathayi inali pa kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Anatopa n'kulipira malayini awiri mwezi ndi mwezi, ina ya mafoni ina ya intaneti, ndiye anatiitana kuti mafoni onse tiwasamutsire pa intaneti, layini yakale ya E1 izimitsidwe. Ndinatengana ndi mnyamata amene akuphunzira ntchito kwathu, wongochoka kumene ku koleji, wa mafunso osatha.

Lolemba sitinagwire waya ngakhale mmodzi. Tinangokhala m'kachipinda ka maseva n'kumawerenga zimene makina a mafoni akhala akulemba miyezi yapitayi. E1 imanyamula megabiti 2.048 pa sekondi, ndipo imagawidwa m'magawo 32 ofanana, lililonse la kilobiti 64. Awiri ndi a makina eniakewo, lina losunga nthawi, lina lotumizirana zizindikiro za kuimba ndi kudula, choncho a mawu amatsala 30. Nambala ya 64 ija si yongopeka: mawu a munthu amayezedwa ka 8,000 pa sekondi, muyezo uliwonse n'kulembedwa ndi mabiti 8. Ukaimba, foni ya winayo isanalire n'komwe, makina onse a m'njira amakhala atagwirizana kale kukusungira gawo limodzi kuchokera kuno mpaka uko. Imeneyo ndiyo seketi. Gawolo ndi lako mpaka udule, kaya ukulankhula, kaya uli chete kusakasaka cholembera. Magawo akatha, wobwera mochedwa amangomva kuti layini yatanganidwa, pamene amene ali kale m'kati sakhudzidwa ngakhale pang'ono.

Pa ofesiyi, ngakhale pa ola lotanganidwa kwambiri, mafoni oyankhula nthawi imodzi sankapitirira 9. Magawo enawo ankangoyenda opanda kanthu usana ndi usiku, ali olipiridwa.

Mnyamata uja anafunsa tikudya masana. "Koma akulu, seketi imakupatsa njira yakoyako, palibe wokusokoneza. Nanga intaneti inaikaniranji?"

Ndinamuuza kuti atulutse pepala. Layini ya intaneti ya pa ofesiyi imalandira megabiti 20, ndipo ogwira ntchito alipo 40. Tinene kuti munthu akatsegula tsamba amafuna megabiti 2 kuti lisamuchedwetse. Tikagawa mwa seketi, aliyense gawo lake losungidwa, layiniyi ikwanira anthu 10 okha, ena 30 adikire. Koma munthu wa pa kompyuta satsitsa zinthu nthawi zonse. Amadina, tsamba limabwera m'kanthawi, kenako amakhala mphindi zingapo akuwerenga kapena kulemba, waya uli zii. Tinene kuti pa mphindi 10 zilizonse, imodzi yokha ndiyo amagwiritsadi ntchito layini. Pamenepo, nthawi zambiri otsitsa zinthu pa kamphindi kamodzi amakhala atatu, anayi kapena asanu, ndipo ukawerengetsera bwino, zoti apitirire 10 sizichitika ngakhale kawiri pa maulendo 1,000. Layini yomwe mwa seketi ikanakwanira anthu 10 ikutumikira 40, pafupifupi osazindikira kuti akugawana.

Chimene chimatheketsa zimenezi ndi kudula uthenga m'tizidutswa, mapaketi, kalikonse kosapitirira mabayiti 1,500 pa netiweki wamba ndipo kolembedwa adiresi ya komwe kakupita. Rauta sisungira munthu malo. Imalandira paketi, kuona adiresi, kuitulutsira pa khomo loyenera, n'kuiiwala. Waya ukakhala wotanganidwa, paketi imaima pamzere. Seketi ili ngati galimoto ya hayala, imene umailipira ngakhale dalaivala akugona pansi pa mtengo kukudikira. Mapaketi ndi minibasi, mpando ukangotsala wina wakhalapo kale.

Anthu amakonda kunena kuti intaneti inapangidwira nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Nkhaniyo ili ndi mbali yake yoona, koma si yonse. Paul Baran wa ku RAND, ku Amereka, ndiye ankaganizira za netiweki yoti ipitirize kugwira ntchito mbali ina itaphwasulidwa, ndipo malipoti ake anatuluka mu 1964. Donald Davies wa ku National Physical Laboratory, ku Britain, anafika pa ganizo lomweli payekha mu 1965, koma vuto lake linali la pa pepala lathu lija: anthu ambiri ogawana kompyuta imodzi yakutali, aliyense kutumiza timizere tochepa n'kukhala chete. Kulumikiza seketi ya foni kunkatenga masekondi angapo, pamene uthenga wake unkatha m'kuphethira kwa diso. ARPANET, netiweki ya mapaketi imene inatsogolera intaneti, yomwe inayamba mu 1969, inamangidwa kuti ofufuza azigawana makompyuta odula kwambiri a nthawiyo, ndipo malayini ake a kilobiti 50 anali obwereka ku kampani ya mafoni. Mapaketi oyambawo ankayenda m'maseketi momwemo. Chatsopano chinali kagawidwe kake.

Lachiwiri tinasamutsa mafoni, ntchito yotopetsa koma yopanda nkhani. Chimodzi chokha ndinafuna mnyamatayo achione ndi maso: foni pa mapaketi imadya kwambiri kuposa pa seketi. Ndi G.711, kalembedwe ka mawu ka kilobiti 64 kaja, mawu a milisekondi 20 amakwana mabayiti 160. Pamwamba pake pamabwera mabayiti a adiresi ndi zizindikiro zina zoyendetsera paketi: 12 a RTP, 8 a UDP ndi 20 a IP, zonse pamodzi 200. Mapaketi otero amapita 50 pa sekondi, ndiye kuti kilobiti 80, ndipo ukaonjezera za Ethernet zimafika cha m'ma 87, pomwe E1 inkathera pa 64. Intaneti ikanakhala yonyamula mawu okhaokha, seketi ikanapambana mosavuta. Mapaketi anapambana chifukwa katundu wa makompyuta amabwera mwa apo ndi apo.

Lachitatu madzulo ndi pamene tinalipira mtengo wake. Cha m'ma folo koloko, mayi oyang'anira zogulitsa anatipeza m'kachipinda muja nkhope ili gwa.

"Bambo, makasitomala akuti mawu anga akudukaduka, komanso akumandiyankha mochedwa ngati ndili kunja kwa dziko. Chonsecho ine ndikuwamva bwinobwino. Foni yakale ija sinkachita zimenezi."

"Pepani mayi, tipatseni kanthawi. Mwatithandiza kale ponena kuti inuyo mukuwamva bwino."

Anatithandizadi, chifukwa vuto likakhala la mbali imodzi umadziwa kopita. Layiniyi imalandira megabiti 20 koma imatumiza 5 okha, ndipo mawu a mayiwa amadutsa mbali yopapatizayo. Tinayesa `ping`, yoyeza nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerera, ku rauta yoyamba ya kunja kwa ofesi. M'mawa inkayankha pa milisekondi 20, tsopano inali cha m'ma 600, nthawi zina osayankha n'komwe. Titayang'ana chimene chikutuluka, tinapeza kompyuta ya ku akaunti ikutumiza kopi ya mafayilo ake kunja, monga imachitira tsiku lililonse nthawi imeneyo, kale popanda wodandaula.

Masamu ake ndi osavuta. Mzere wa pa khomo lotulukira unkasunga mapaketi 256. Akadzaza onse, lililonse mabayiti 1,500, ndiye mabiti opitirira pang'ono 3 miliyoni, ndipo kuti atuluke pa megabiti 5 pamafunika masekondi 0.6. Kapaketi ka mawu kakafika kamaima kumbuyo kwa onsewo, ndipo kakapeza mzere uli tho kamatayidwa. Muyezo wa G.114 wa bungwe la ITU umati mawu asachedwe kupitirira milisekondi 150 ulendo umodzi ngati anthu akufuna kucheza momasuka. Ife tinali titapitirira kanayi. Fayilo ya ku akaunti sivutika ndi zimenezi, chifukwa TCP, ndondomeko imene makompyuta amatumizirana nayo mafayilo, imatumizanso chotayikacho. Mawu obwera mochedwa alibenso ntchito, munthu wanena kale zina.

Apa ndi pamene masamu a Lolemba amagwera m'dzenje. Amaganiza kuti aliyense amadina pa nthawi yakeyake ndipo amapuma, koma kompyuta yotumiza fayilo yaikulu sipuma. TCP imapitiriza kuonjezera liwiro mpaka paketi itatayika, kutanthauza kuti imadzaza dala mzere uliwonse umene yaupeza. Komabe khalidwe lobwerera m'mbuyo paketi ikatayika ndilo linapulumutsa intaneti. Mu Okutobala 1986, lisanakhazikitsidwe, liwiro la pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya ku Berkeley, malo oyandikana, linagwa kuchoka pa kilobiti 32 kufika pa mabiti 40 pa sekondi, makompyuta akungobwereza kutumiza zotayika. Van Jacobson ndiye anakonza zimenezo. Netiweki ya mapaketi sibweza munthu pakhomo. Imalandira onse, ndipo ikadzaza onse amavutikira limodzi.

Rauta ya pa ofesiyi ndi ya Linux, choncho mankhwala anali lamulo limodzi ili:

```
tc qdisc replace dev eth0 root cake bandwidth 4500kbit diffserv4
```

Tinadzichepetsera dala liwiro kufika pa megabiti 4.5 kuti mzere uzipangika mu rauta yathu, momwe tingaulamulire, osati m'bokosi la kampani ya intaneti. Mafoni amaika kale chizindikiro cha `EF`, chosonyeza kuti ndi ofulumira, pa mapaketi awo, ndipo `cake`, yoyendetsa mzerewo, imawadutsitsa patsogolo. Tsopano kapaketi ka mawu kamangodikira paketi imodzi yaikulu imene yayamba kale kutuluka, milisekondi yosakwana itatu. `ping` inabwerera cha m'ma 25 kopi ya ku akaunti ikadali m'njira.

Lachinayi tinayesa malayini a ku nyumba yawo yosungira katundu, komwe kuli faiba ndi wailesi yoyembekezera. Ndinauza mnyamata uja kuti ayambe kukopera fayilo yaikulu, kenako azule faiba. Anandiyang'ana kaye asanazule. Kukoperako kunaima masekondi ochepa, marauta akusankha njira ya wailesi, n'kupitiriza pomwe kunalekera. Palibe rauta imene inkadziwa kuti pali fayilo ikukoperedwa. Okumbukira zimene zafika ndi zimene zatsala anali makompyuta awiri a kumapeto. Pa seketi, chikumbumtimacho chimakhala m'makina a m'njira, ndipo amodzi akafa foni imaduka, uimbenso. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chimene mapaketi anapambanira, ndipo kwa ine ndi chachikulu: pakati pakakhala posasunga zambiri, manetiweki osiyanasiyana, a waya, a wailesi, a satelayiti, amalumikizika mosavuta, zomwe Vint Cerf ndi Bob Kahn ankafuna polemba za TCP mu 1974.

Lachisanu tisanazimitse E1 ndinaika malire pa makina atsopano a mafoni: oyankhula kunja nthawi imodzi asapitirire 12. Mu `diffserv4`, kagawidwe ka mzere kamene tinasankha m'lamulo lija, gawo la mawu limatetezedwa mpaka pa kota ya liwiro, kilobiti 1,125, ndipo mafoni 12 amadya cha m'ma 1,044. Wa nambala 13 amve kuti layini yatanganidwa, kusiyana n'kuti onse 13 azidukaduka. Mnyamata uja anaseka, akuti ndiye tamanganso seketi pakhomo. Sanalakwitse.

Ndinawafotokozeranso mayi aja kuti ulamuliro wathu umathera pa rauta yawo. Kupitirira apo chizindikiro cha `EF` ambiri sachilabadira, ena amachifufuta kumene. Tinagwirizana kuti mawu akadzayamba kudukaduka mbali yolandira, azilemba ola lake, tidzaliyerekeze ndi zimene rauta yalemba tisanapite kukadandaula kwa ogulitsa intaneti.