Kampani yomwe tinaikongoza itagwa: momwe ndinatsatira ngongole yathu mpaka kumapeto

Kampaniyo inali ndi ngongole yathu ya mamiliyoni 50, koma ngongoleyi inali ya mitundu iwiri. Mamiliyoni 30 tinaibwereka ngati ndalama, ndipo inatipatsa lole yake ngati chikole. Mamiliyoni 20 anali a katundu yemwe tinkaipatsa pangongole, wopanda chikole chilichonse kupatula mainvoisi. Ine ndine wosunga mabuku a ndalama, choncho khoti litalamula kuti kampaniyo ithetsedwe, ntchito yotsatira nkhaniyi inagwera ine. Manambala ndawafupikitsa kuti asatisokoneze.

Choyamba chomwe loya wathu anandiuza n'choti mlandu womwe tinkakonza wosumira kampaniyo tiuiwale. Lamulo lothetsa kampani likangotuluka, palibe amene amaloledwa kuyamba kapena kupitiriza mlandu wofuna ngongole popanda chilolezo cha khoti. Mabwana a kampaniyo mphamvu zawo zimathera pomwepo, ndipo zonse zimapita m'manja mwa wothetsa kampani, amene ambiri amangoti likwideta. Iyeyu ntchito yake ndi kusonkhanitsa chuma, kuchigulitsa, n'kugawa ndalama motsatira mndandanda womwe malamulo anaika. Si loya wa aliyense wa ife, ndipo kumuimbira foni kawirikawiri sikukukwezani pamndandanda.

Anatitumizira fomu yotsimikizira ngongole. Gawo la katundu silinavute: ndinaphatikiza mainvoisi ndi timapepala tosonyeza kuti katundu analandiridwa, chiwongola dzanja ndinachiwerengera kulekezera tsiku lomwe kuthetsa kampani kunayamba, basi.

Gawo la lole ndi lomwe linafuna kusamala. Likwideta asanavomere kuti tili ndi chikole, anafunsa chinthu chimodzi: kodi chinalembetsedwa m'kaundula wa boma, ndipo liti? M'mayiko ambiri chikole chomwe sichinalembetsedwe m'nthawi yake chilibe mphamvu pamaso pa likwideta. Ngongole imakhalapobe, koma mwini wake amatsika n'kukakhala pamodzi ndi opanda chikole, ngakhale pangano lake litasainidwa bwino chotani. Chathu chinalembetsedwa titangopereka ndalamazo, kampani ikadali pabwino. Tsikulo linali lofunikanso pa chifukwa china. Chikole chopatsidwa pa ngongole yakale kampani itatsala pang'ono kugwa, likwideta angathe kupempha khoti kuti lichifafanize, chifukwa kumeneko n'kukondera wokongoza mmodzi. Ndalama zobwezedwa mwa njira yotereyi nazonso angathe kuziitanitsa.

Mwini chikole amakhala ndi njira zitatu. Angathe kugulitsa chikolecho n'kulembetsa zotsala ngati ngongole wamba. Angathe kuchiikira mtengo osachigulitsa, n'kulembetsa kusiyana kwake. Kapena angathe kuchipereka kwa likwideta n'kulembetsa ngongole yonse ngati wopanda chikole. Yachitatuyi imangothandiza ngati chikolecho chili chachabechabe. Yachiwiri ili ndi msampha: mukaika mtengo wotsika kuti ngongole yotsala ioneke yaikulu, likwideta angathe kukupatsani mtengo womwewo n'kutenga katunduyo. Ife tinasankha kugulitsa.

Loya anandichenjezanso za msonkhano wa okongoza. Kumeneko mavoti amawerengedwa potengera kukula kwa ngongole, koma mwini chikole amavotera gawo lokhalo lomwe chikole sichikukwanira. M'malamulo ena, mukavotera ngongole yonse mumatengedwa ngati mwachisiya chikolecho. Ndinaonetsetsa kuti pafomu palembedwa bwinobwino kuti gawo ili lili ndi chikole, ili lilibe.

Lole inagulidwa pa okushoni mamiliyoni 22. Zolipira ogulitsa ndi malo osungirapo zinadya mamiliyoni 2, ife tinalandira 20. Ndalama imeneyi sinadutse mumphika wa onse, ndipo sitinadikire wina aliyense. Ubwino wa chikole ndi umenewu, komanso malire ake ndi omwewa: chimakutetezani kufika pa mtengo womwe katunduyo wagulidwa, osati pa kukula kwa ngongole. Mamiliyoni 10 otsalawo anakaphatikizidwa ndi 20 a katundu aja, ndipo tinakhala ndi ngongole wamba ya mamiliyoni 30. Loleyo ikanagulidwa mopitirira ngongole yathu, zapamwambazo zikanabwerera kwa likwideta.

Chomwe chinatsimikiza zomwe tidzapeze pa 30 ameneyu chinali banki. Inali ndi ngongole ya mamiliyoni 150 ndi zikole ziwiri. China chinali chokhazikika, pa nyumba ya kampani, chofanana ndi chathu cha lole: katundu wodziwika, yemwe kampani sikanamugulitsa popanda chilolezo cha banki. China chinali choyandama, pa katundu wa m'nyumba yosungiramo ndi ndalama zomwe makasitomala anali asanalipire. Zinthu zimenezi zimalowa ndi kutuluka tsiku lililonse, choncho kampani imaloledwa kuchita nazo malonda mpaka tsiku lomwe yagwa, pamene chikolecho chimagwira chilichonse chomwe chapezekapo. Chifukwa cha ufulu umenewu, chikole choyandama n'chofooka pamndandanda, ndipo pali ena amene amachidumpha.

Nyumba inabweretsa mamiliyoni 100 atachotsa zolipira pogulitsa, onsewo anapita ku banki, kunatsala 50. Katundu wina yense pamodzi ndi ngongole zomwe likwideta anatolera zinakwana mamiliyoni 90. Pamenepa oyamba kudya anali ndalama zoyendetsera ntchito yothetsa kampani, kuphatikizapo malipiro a likwideta mwiniwake, mamiliyoni 15. Pamsonkhano ambiri anang'ung'udza, koma popanda kumuika patsogolo palibe angavomere kugwira ntchitoyi. Kenako panabwera ngongole zomwe malamulo amaziika patsogolo, malipiro a antchito ndi misonkho ina, mamiliyoni 13. Mayiko amasiyana pa zomwe zimalowa m'gulu limeneli, ndipo nthawi zambiri malipiro a wantchito amakhala patsogolo kufika pa mlingo wina wake, zotsalazo n'kukhala ngongole wamba. Panatsala 62. Banki inatenga 50 ake kudzera pa chikole choyandama. Panatsala 12.

Ngongole wamba zonse, kuphatikizapo yathu, zinali mamiliyoni 120. M'gulu ili mulibe woyamba kapena wotsiriza. Amene anakongoza kalekale ndi amene anakongoza dzulo amagawana mofanana potengera kukula kwa ngongole, choncho aliyense analandira 10 pa 100 iliyonse. Ife tinapeza mamiliyoni 3. Eni masheya, omwe amakhala kumapeto kwenikweni, sanaone kanthu. Ku Mangalande, kuyambira 2003, gawo lina la ndalama za chikole choyandama amalipatula kuti lipite kwa opanda chikole, koma si kulikonse komwe kuli lamulo lotere.

Panali wokongoza wina yemwe anatuluka bwino kuposa ife pa nkhani ya katundu, ngakhale analibe chikole. Pangano lake linkati katundu amakhalabe wake mpaka atalipiridwa. Atasonyeza kuti makatoni ena m'nyumba yosungiramo ndi ake, pofananiza manambala ndi mainvoisi osalipiridwa, likwideta anamulola kuwatenga, chifukwa sanali chuma cha kampani n'komwe. Zomwe zinali zitagulitsidwa kale kapena kusakanizidwa ndi katundu wina sanazipeze. Mapangano athu ogulitsa katundu tsopano tinawaikamo mawu amenewa.

Pa mamiliyoni 50 tinalandira 23: 20 kuchokera ku lole, 3 kuchokera ku zogawana. Likwideta anatumiza lipoti lake lomaliza, kampani inafafanizidwa m'kaundula, ndipo 27 otsalawo ndinawalemba m'mabuku athu ngati ngongole yotayika, poti panalibenso woti n'kumufunsa.