Tsiku ndi chifukwa m'malo mwa "mwamsanga": zomwe ndikuphunzira pa kalembedwe ka maimelo a kuntchito

Pa zonse zomwe ndakhala ndikuwerenga zokhudza makalata a muofesi, nkhani imene ndaikhalira pansi kwambiri ndi ya mawu ngati "mwamsanga", "posachedwa", "mukapeza mpata", ndiponso zilembo zija anthu amakonda kuika pamutu wa imelo, ASAP. Wolemba mawu amenewa amaganiza kuti wamufulumizitsa mnzake. Koma wolandira ali kale ndi ntchito zisanu patebulo, ndipo zinayi zili ndi masiku ake. Yopanda tsiku ija ndiyo imapita pansi, chifukwa palibe poyiika pakalendala. Mnzanuyo sikuti ndi waulesi. Simunamupatse choyezera kuti aone ntchito yofunika kutsogola.

Tsiku loona silimangobwera m'mutu. Limapezeka powerengera chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa tsiku limene simungalisunthe.

Tiyerekeze kuti ndinu akauntanti pakampani ina muno mu Lusaka, ndipo nthambi ya ku Chipata inalemba antchito atatu atsopano mu Juni 2025. Msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro a antchito, uyenera kuperekedwa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo zopereka za penshoni ku NAPSA nazonso ndi pa 10 pomwepo. Kuti mudzaze mafomu ake mukufunika TPIN, yomwe ndi nambala ya wokhoma msonkho, ndi nambala ya NAPSA ya aliyense mwa atatuwo. Lachiwiri pa 1 Julayi mwalembera a manejala a nthambi kuti, "Chonde titumizireni manambala a antchito atsopano mwamsanga." A manejala nawonso akudziwa kuti malire ndi pa 10, ndiye akuona kuti masiku alipo ambiri. Apa ndi pamene zinthu zimathinira.

Tayang'anani kalendala. Pa 10 Julayi 2025 linali Lachinayi. Lolemba loyamba la Julayi ku Zambia ndi tchuthi chokumbukira ngwazi za dziko, ndipo Lachiwiri lotsatira ndi tchuthi cha umodzi, choncho pa 7 ndi pa 8 maofesi ndi mabanki anali otseka. Pa 5 ndi pa 6 panali kumapeto kwa sabata. Ndiye kuti mukaweruka Lachisanu pa 4, tsiku la ntchito lotsala lisanafike lomaliza ndi limodzi lokha, Lachitatu pa 9. Tsiku limenelo ndi loti osayina ku banki avomereze malipiro, kuti pa 10 pakhale mpata ngati netiweki yavuta kapena wosayina mmodzi sakupezeka. Mafomu ayenera kukhala atatha Lachisanu pa 4. Popeza nambala ikhoza kubwera yolakwika, mwina TPIN yosakwana manambala 10 kapena dzina losiyana ndi la pa NRC, pafunika m'mawa wa Lachisanu wokonzera zolakwikazo. Motero tsiku loti muwauze a manejala ndi Lachinayi pa 3 Julayi. A manejala amawerenga masiku 9, pamene enieni anali awiri.

Imelo yabwino ikanalembedwa chonchi. Pamutu: "TPIN ndi manambala a NAPSA a antchito atatu, pofika Lachinayi pa 3 Julayi, 15:00". M'kati mwake: "Zikomo a manejala. Ndikupempha TPIN ndi nambala ya NAPSA ya antchito atatu amene anayamba mu Juni, zifike pofika Lachinayi pa 3 Julayi nthawi ya 15:00. PAYE ndi NAPSA ziyenera kulipiridwa pofika pa 10, koma pa 7 ndi pa 8 ndi tchuthi, ndiye mafomu ndiyenera kuwamaliza Lachisanu pa 4. Tikachedwa, kampani ilipira chindapusa. Ngati wina mwa iwo alibe TPIN, mundiuze mawa Lachitatu kuti athandizidwe kulembetsa nthawi ikadalipo."

Chiganizo chomalizacho ndimachiona chofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Nthawi zambiri munthu akakhala chete, si kuti waiwala, koma wapeza manambala awiri ndipo akudikira yachitatu kuti atumize zonse pamodzi. Mukamuuziratu chochita zikavuta, vuto limatuluka poyera msanga.

Kalembedwe ka tsikulo kali ndi misampha yake. Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti, ndipo mwezi ulembedwe m'mawu. Mukalemba 03/07, wa kuno awerenga 3 Julayi, koma mnzanu wa ku America awerenga 7 Malichi. Dzina la tsiku limagwiranso zolakwika: mukalemba "Lachinayi pa 4 Julayi", wowerenga aona kuti sizikugwirizana ndipo afunsa. "Mawa" ndi "sabata yamawa" zimasintha tanthauzo malinga ndi tsiku limene munthu watsegula imelo, ndiye zisamayende zokha popanda tsiku. Ola nalo likhalepo. COB, kutanthauza nthawi yoweruka, kwa ena ndi 17:00, kwa ena ndi nthawi imene iwo atseke kompyuta. Ndipo mukamalembera a ku Dar es Salaam kapena Nairobi, kumbukirani kuti iwo ali patsogolo ndi ola limodzi, choncho nenani kuti ndi 15:00 nthawi ya ku Lusaka.

Chovuta chenicheni kwa ife ndi ulemu. Wamng'ono kuntchito amaona ngati kupatsa bwana tsiku ndi kuwalamula, ndiye amathawira ku "mukapeza mpata". Ndikumvetsa mantha amenewa, koma ndikuona kuti chifukwa ndicho chimachotsa mwano. Mukalemba kuti, "Bwana, ndikupempha kuti muvomereze malipirowa pofika Lachitatu pa 9 Julayi, 12:00, kuti adutse ku banki tsiku lomaliza la ZRA lisanafike," tsikulo silikuchokera kwa inu. Likuchokera ku ZRA ndi ku banki, inu mwangowadziwitsa. Bwana amakhalanso ndi mwayi wosankha: ngati adzakhala pa ulendo tsiku limenelo, akhoza kusayina Lachisanu kapena kusiyira wina. Chifukwacho chikhale chachifupi, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndipo chinene chimene chiime kapena chiwonongeke ntchitoyo ikachedwa. Kulemba kuti "chifukwa ndi zofunika kwambiri" n'kungobwereza "mwamsanga" uja.

Tsiku likhale loona. Ena akaphunzira njirayi amayamba kupeka masiku, kunena Lachiwiri pamene chinthucho adzachigwira sabata inayo. Mnzanu akasiya ntchito zake kuti akwanitse tsiku lanu, kenako n'kuona kuti fayilo simunaitsegule kwa masiku angapo, tsiku lanu lotsatira sadzalikhulupiriranso. Kuika mpata wa tsiku limodzi wokonzera zolakwika n'kwabwino, ndipo mukhoza kunena poyera kuti mpatawo ndi wa chiyani. Ngati ntchito siyofulumira, nenaninso choncho: "Izi zikhoza kudikira mpaka pa 18 Julayi."

Woyankha nayenso lamuloli limamukhudza. "Ndichita posachedwa" imasiya wopempha ali m'malere, osadziwa ngati akumbutse kapena adikire. A manejala aja akanayankha kuti, "Manambala a anthu awiri nditumiza lero pofika 16:00. Wachitatu alibe TPIN, akulembetsa mawa Lachitatu, ndipo Lachinayi pa 3 Julayi nthawi ya 10:00 ndikuuzani pamene zafika." Ngakhale tsiku lomalizira ntchito silikudziwika, tsiku lodzapereka yankho limatheka kulonjeza.

Njirayi ili ndi malire ake. Ngati chinthu chikufunika m'maola awiri, imelo yokha siikwanira ngakhale ilembedwe bwino chotani, pakuti munthu akhoza kukhala pamsonkhano kapena pa msewu wa Great East. Muimbireni foni, mugwirizane ola, kenako mutumize imelo ya mizere iwiri yotsimikiza zomwe mwagwirizana.