Lachinayi ku Ulongwe: kompyuta yozima popanda nthawi

Lero m'mawa mphwanga wina wojambula maukwati wabwera ndi kompyuta yake panjinga yamoto kuchokera mbali ya ku Domwe. Akuti imazima mosayembekezereka: nthawi zina akudula vidiyo, nthawi zina ili chikhalire. Anali atayikamo kale Windows yatsopano poganiza kuti ndi vayirasi, kenako n'kumadandaula za magetsi.

Chimene chandithandiza n'chakuti ankajambula pafoni sikirini yabuluu ikatuluka. Chithunzi china chikuti MEMORY_MANAGEMENT, china IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, china PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA. Pulogalamu imodzi ikamavuta, uthenga umakonda kubwera womwewo. Ukamasinthasintha chonchi ndimayamba kukayikira memore, chifukwa chilichonse chimene kompyuta ikugwira chimadutsa mmenemo, ndipo chogwa ndi chimene chapezeka pamalo olakwikawo panthawiyo. Magetsi akathima kompyuta imangozima zii, silemba uthenga.

Ndamufunsa ngati anasinthapo kanthu. "Achimwene, ndinangowonjezera memore ziwiri zimene ndinagula ku Tete, n'kutsegula DOCP kuti zizithamanga monga zalembedwera pakatoni."

Nkhani ili pomwepo. Nambala ya 3600 imene ili pakatoni si liwiro limene DDR4 imayambira. Ikangolowetsedwa, imayenda pa muyezo wa JEDEC, kawirikawiri 2133 kapena 2400, pa mavoti 1.2. Kuti ifike 3600 pamafunika kutsegula XMP, imene mabodi a ASUS okhala ndi pulosesa ya AMD amaitcha DOCP. Imeneyi imakweza liwiro, imakweza magetsi kufika 1.35, ndiponso imafupikitsa nthawi imene memore imadikira isanayankhe. Kumeneko n'kuthamangitsa makina mopitirira muyezo, kungoti kwachitika ndi batani limodzi.

Ndiye woyendetsa memoreyo ali m'kati mwa pulosesa. Yake ndi Ryzen 5 3600, imene AMD inailonjeza 3200 memore zikakhala ziwiri. Zikakhala zinayi lonjezolo limatsikira pa 2933 kapena 2667, malingana ndi mtundu wake. Iye anali ndi zinayi, za makampani awiri osiyana, zonse akuzikakamiza 3600. Zili ngati kumanga ng'ombe zosazolowerana pangolo imodzi n'kuzithamangitsa. Kompyuta imayaka bwinobwino, n'chifukwa chake anthu sakayikira, koma mwa apo ndi apo nambala imodzi imawerengedwa molakwika, makamaka m'kati mukatentha.

Ndisanasinthe kanthu ndayatsa MemTest86, pulogalamu yoyesa memore, kuchokera pafulashi. Isanamalize n'komwe kuzungulira koyamba, zolakwika zinali zitayamba kuoneka. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira, memore yabwino siyenera kuonetsa chilichonse.

Kubweza sikunavute. Ndayatsa n'kudina Del kulowa mu BIOS, malo osinthira kayendedwe ka bodi Windows isanayambe, F7 kupita ku Advanced Mode, kenako Ai Tweaker. Pa Ai Overclock Tuner ndachotsa D.O.C.P. n'kuyika Auto. Popeza mnyamatayu anavomera kuti anagwiragwiranso manambala ena amene sakuwakumbukira, ndadinanso F5, Load Optimized Defaults, kenako F10 kusunga. Koma F5 ndimayamba ndaiganizira kaye. Imabweza zonse, kuphatikizapo dongosolo la disiki yoyambira ndi Secure Boot, ndipo ngati disiki ili yotsekedwa ndi BitLocker, Windows ikhoza kufunsa kiyi ya manambala 48. Choncho ndinayamba ndajambula masamba a BIOS pafoni ndi kutsimikiza kuti yake siyotsekedwa.

Iye anali ndi mwayi poti BIOS imatseguka. Zikafika poti sikirini ili bii, mafani akungozungulira, umazula chingwe cha magetsi kukhoma, n'kugundanitsa timapini tiwiri ta pabodi tolembedwa CLRTC ndi sikuludalaiva kwa masekondi 10, kapena kuchotsa kabatire ka CR2032 kwa mphindi zingapo.

Masana onse MemTest86 yazungulira kanayi pa 2133 popanda cholakwika. Zimenezi zatiuzanso china: memore zake sizakufa. Zikanalakwitsabe pa liwiro lotsikali, ndikanayamba kuziyesa imodziimodzi kuti ndipeze yowonongeka.

Atawona 2133 mu Task Manager nkhope inagwa, akuti ndalama zake zapita pachabe. Ndamuuza kuti magigabaiti 32 onse alipo, chatsika ndi liwiro lokha, ndipo vidiyo yochedwa pang'ono siingafanane ndi ya ukwati wa eni ake yoduka pakati. Ndimada nkhawa kwambiri ndi mafayilo amene analembedwa memore ikulakwitsa, chifukwa ena amawonongeka osadziwika. Ndiye ndayendetsa lamulo ili, loyesa ndi kukonza mafayilo a Windows, mu Command Prompt ngati Administrator:

```
sfc /scannow
```

Ndamuuzanso kuti aonere kuyambira koyamba mpaka kumapeto mavidiyo onse amene anamaliza chitsegulireni DOCP, asanawapereke kwa eni. Tagwirizana kuti aigwiritse ntchito chonchi sabata ino. Ikapanda kuzima, Loweruka linalo tidzayesa 2666 ndi MemTest86 usiku wonse, ndipo tikapeza cholakwika tidzabwerera pa Auto.