Kuyankha funso losakwanira: nena chimene watenga, upereke yankho

M'gulu lathu lowerengera limodzi fizikisi, mafunso ambiri amabwera opereŵera. Munthu wamva funso m'kalasi kapena walikopera mothamanga, ndiye amalemba chabe kuti: "Mwala ukugwa kuchokera pamwamba pa thanthwe lotalika mamita 45. Utenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike pansi?"

Funsoli silinanene zinthu zitatu. Silinanene ngati mwalawo wangosiyidwa kapena waponyedwa, silinapereke mtengo wa g, nambala yosonyeza mmene liwiro la chinthu chogwa limakulira chifukwa cha kukoka kwa dziko, ndipo silinatchule za mpweya umene umachedwetsa chinthu chikamagwa. Ena akaona zimenezi amangobweza mafunso atatu n'kudikira, mnzawo n'kugona wopanda chogwira. Ena amasankha mumtima n'kulemba "masekondi 3" basi. Njira yachiwiriyi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa yankho lake limaoneka lotsimikizika pamene laima pa zinthu zimene wofunsayo sakuziona. Likasiyana ndi la m'buku, sadziwa poyambira kufufuza.

Chimene ndaphunzira kuchita n'kulemba motere: "Ndatenga kuti mwalawo wangosiyidwa, sunaponyedwe, ndipo g ndi 10 m/s². Zikatero, h = ½gt² ikutipatsa 45 = 5t², t² ndi 9, nthawi ndi masekondi 3. Ngati funso lako likunena kuti unaponyedwa, undiuze liwiro lake ndi kumene unaloza, chifukwa yankho lisintha."

Chovuta si kulemba mawu akuti "ndatenga kuti". Chovuta n'kudziwa kuti pa zinthu zitatu zija, n'chiti choyenera kuchitchula mokweza. Njira yake n'kusintha chimodzichimodzi n'kuona mmene yankho likusunthira.

Ndikaika g kukhala 9.8, nthawi imakhala masekondi 3.03. Kusiyanako n'kochepa, choncho kungotchula mtengo umene ndagwiritsa ntchito n'kokwanira, kuti mnzanga asadabwe akaona 3.03 kumapeto kwa buku. Mpweya nawo suchita zambiri pa mwala wolemera wogwa mtunda waufupi chonchi. Chikanakhala chipepala kapena nthenga, nkhani ikanakhala ina, ndipo mpweyawo ndi umene ndikanayamba kuutchula.

Koma za kuponya zija n'zazikulu. Tinene kuti mwala unaponyedwa cholozetsa pansi pa liwiro la 10 m/s. Fomula imakhala h = ut + ½gt², pamene u ndi liwiro limene mwala unaponyedwa nalo, ndiye kuti 45 = 10t + 5t², ndipo t imatuluka pafupifupi 2.16. Tachoka pa 3 kufika pa 2.16, pafupifupi sekondi yathunthu. Apa ndi pamene yankho langa likhoza kusocheretsa munthu, n'chifukwa chake chiganizo chimenechi ndimachiika patsogolo, asanaone nambala. Chikakhala kumapeto, ambiri sachiwerenga, maso amathamangira pa nambala n'kutseka foni. Chosangalatsa n'chakuti mwalawo ukaponyedwa chopingasa, osaloza m'mwamba kapena pansi, nthawi imakhalabe masekondi 3, chifukwa liwiro lopita kutsogolo silikhudza kagwedwe kake. Ndiye chifukwa chake ndimafunsa "kumene unaloza", osati liwiro lokha.

Pempho loti andikonze liyenera kukhala lolunjika. Mawu akuti "ngati ndalakwitsa mundikhululukire" sathandiza wofunsa, chifukwa samuuza choti akayang'ane. Koma ndikati "taona ngati pali mawu akuti unaponyedwa", amatsegula kope, n'kupeza yankho m'kanthawi kochepa. Komanso munthu amene amachita manyazi kutsutsa mnzake amene amamuona ngati wodziwa, amamasuka, popeza sakundiuza kuti ndalakwa, akungondipatsa chimene ndapempha. Akabwera n'kunena kuti unaponyedwadi cholozetsa pansi, ntchito yoyamba ija sinapite pachabe: njira ndi yomweyo, timangowonjezera ut.

Osachulutsanso zotenga. Ndinaonapo yankho lotchula kuti dziko silikuzungulira, mphepo kulibe, thanthwe ndi loongoka, mpaka chinthu chofunika chija chinamira pakati pa zosafunika. Chimodzi kapena ziwiri zimene zingasinthe yankho n'zokwanira.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira pamene kulakwitsa kungakonzedwe ndi chofufutira, ndiponso pamene pali tanthauzo limodzi limene likuoneka lachidziwikire kuposa ena, monga "ukugwa" amatanthauza kungosiyidwa m'mafunso ambiri. Koma mnzanga akandifunsa kuti athire asidi wochuluka bwanji mu labotale osanena mphamvu ya asidiyo, sindiperekeratu nambala. Akhoza kuthira asanawerenge chenjezo langa, ndipo chothiridwa sichibwerera m'botolo. Pamenepo ndimayamba ndamufunsa kuti awerenge zimene zalembedwa pa botololo.