Loweruka kwa azakhali: pasiwedi ya waifai inali m'laputopu momwemo

Lero ndinadzukira kwa azakhali. Anandiimbira dzulo usiku kuti agula foni yatsopano koma ikukana kulowa pa waifai ya m'nyumba mwawo momwe, ndiye bandulo ya pafoni ikungotha chonsecho rauta ikuyaka pa kabati. Amene anaika rautayo ndi mwana wawo wamkulu, ndipo asanapite ku Joni anasintha pasiwedi. Kapepala kamene analembapo kanasowa kalekale, iyenso atafunsidwa anati anaiwala. Pasiwedi yolembedwa pansi pa rauta anali atayesa kale, osatheka, chifukwa imeneyo ndi ya kufakitale ndipo imasiya kugwira ntchito munthu akangoika yake.

Nditafika ndinapeza msuweni wanga wamng'ono ali ndi singano m'manja, akufuna kubaya kabowo kolembedwa Reset kumbuyo kwa rauta. Ndinamuletsa msanga. Kubaya pamenepo kumafufuta zonse zimene zinakonzedwa m'rautamo, dzina la netiweki ndi pasiwedi, ndipo pa marauta ena ngakhale zoikamo za kampani ya intaneti zimapita. Zikatero foni iliyonse ya m'nyumba iyenera kulumikizidwanso, mwinanso intaneti osabwerako mpaka kuitana munthu. Ndinafunsa kuti, "Azakhali, kodi pali chipangizo chimene chikulowabe chokha pa waifaiyi?" Anati laputopu yawo yolembera maakaunti a kugolosale imangolumikiza akaiyatsa. Basi, nkhani inathera pomwepo. Laputopu singalumikize yokha popanda kudziwa pasiwedi, ndiye kuti Windows inaisunga tsiku loyamba lija. Chofunika n'kungoipempha kuti ionetse.

Laputopuyo ndi ya Windows 10. Nditaonetsetsa kuti yalumikizadi, ndinakanikiza batani la Windows limodzi ndi R, ndipo m'kabokosi kamene kanatuluka ndinalemba izi:

```
ncpa.cpl
```

Panatseguka windo yoonetsa njira zonse zimene laputopu imalumikizira. Ndinadina kawiri pa Wi-Fi, kenako Wireless Properties, kenako pamwamba pamene palembedwa Security. Pamenepo pali mzere wa Network security key, wodzaza timadontho takuda, ndipo pansi pake pali kabokosi ka Show characters. Nditachonga kabokosiko, timadontho tinasanduka zilembo. Amene amakonda njira yaitali akhoza kudzera ku Control Panel, n'kupita ku Network and Sharing Center, n'kudina dzina la netiweki, ndipo adzafika pa windo yomweyi. Pa Windows 11 njirayi ikugwirabe ntchito, koma pa imene yalandira zatsopano muthanso kulowa mu Settings, kenako Network & internet, Wi-Fi, n'kutsegula netiweki imene mwalumikizayo, ndipo mudzapeza View Wi-Fi security key.

Pambali pa Show characters pali kachizindikiro ka chishango. Tanthauzo lake ndi lakuti pamafunika akaunti ya adimini, yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyutayo. Kwa azakhali akaunti ndi imodzi yokha, ndiye sinavute. Pa laputopu ya kuntchito kapena ya kusukulu, kawirikawiri imafunsa pasiwedi ya adimini, ndipo ngati mulibe, pitani kwa woyang'anira makompyuta. Ine ndimaona kuti ndi bwino choncho, chifukwa netiweki ili ndi mwini wake.

Tinachedwa pa kukopera. Azakhali anawerenga pa sikirini, n'kulemba pa foni, foni n'kukana. Anayesanso, chimodzimodzi. Anayamba kunena kuti mwina laputopu ikunama. Ndinawauza kuti ngati ili pa intaneti panopa kudzera pa waifai yomweyi, pasiwedi imene ikuonetsa ndi yolondola, vuto lili pa kawerengedwe. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti muli l wamng'ono pafupi ndi I wamkulu, ndipo pa windo imeneyo zilembo ziwirizi zimangooneka ngati timitengo tiwiri tofanana. Munalinso 0 amene iwo ankamuwerenga ngati O. Foni nayo siikhululuka: chilembo chachikulu ndi chaching'ono kwa iyo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Apa ndipo njira yachiwiri inathandiza. Ndinalemba `cmd` posakira pa Start, n'kusankha Run as administrator, n'kulemba:

```
netsh wlan show profiles
```

Lamulo limeneli limatulutsa mayina a manetiweki onse amene laputopu inasunga, ngakhale amene ali kutali. Wa kunyumba dzina lake ndi Kwathu Net, choncho ndinapitiriza:

```
netsh wlan show profile name="Kwathu Net" key=clear
```

Pamatuluka mizere yambiri, koma wofunika uli pansi pa Security settings, wolembedwa Key Content. Zilembo za pa windo yakudayi zimasiyanitsa bwino l ndi I, ndipo 0 amakhala ndi kamzere m'kati. Azakhali anavala magalasi, n'kulemba chilembo chimodzichimodzi ine ndikutchula, ndipo foni inalowa. "Iwe mwanawe, zoona chinali momwemu nthawi yonseyi?" Anaseka mpaka anakhala pansi.

Pa lamuloli zinthu ziwiri zimasokoneza anthu. Dzina likakhala ndi mpata pakati, ngati Kwathu Net, liyenera kukhala m'kati mwa tizizindikiro tiwiri ta " " timene tili pa lamulolo, ndipo mulilembe monga likuonekera pa mndandanda. Mukaphonya chilembo mudzayankhidwa kuti `is not found on the system`. Chachiwiri, mukasiya `key=clear`, mzere wa Key Content sutuluka n'komwe, mumangoona kuti Security key ndi Present, kusonyeza kuti pasiwedi ilipo koma yabisidwa.

Titadya nsima ya masana, azakhali anakumbuka kawaifai kawo kam'thumba kamene kamakhala kugolosale, nako pasiwedi yake sankaidziwa. Njira ya Show characters sikanathandiza chifukwa imangoonetsa netiweki imene mwalumikiza pa nthawiyo, koma dzina lake linali pa mndandanda uja, ndipo lamulo lomwelija linaitulutsa. Ndinawachenjeza kuti imeneyi sitingaitsimikize tili kunyumba. Laputopu imasunga pasiwedi imene inapatsidwa komaliza, ndiye ngati mnyamata wogulitsa anaisintha laputopu itachokako, tapeza yakale. Akayesa Lolemba.

Msuweni wanga ataona zimenezi anabweretsa laputopu yake kuti aone ya kukoleji kwawo. Key Content sinatuluke. Pa mzere wa Authentication panalembedwa WPA2-Enterprise, mtundu umene wophunzira aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yakeyake, ndiye palibe pasiwedi imodzi ya onse yoti ioneke. Ya kunyumba inalembedwa WPA2-Personal. Waifai ya m'malo ogona alendo imene mumalowa kaye kenako n'kulemba nambala pa tsamba la intaneti nayonso sionetsa kanthu, pa Security key pamangolembedwa Absent.

Chimene chandidetsa nkhawa lero n'chakuti laputopu ya azakhali ilibe pasiwedi yotsegulira, ndipo masana imakhala pa kauntala kugolosale. Aliyense wodziwa zimene ndalembazi akhoza kutenga pasiwedi ya waifai yawo iwo akuperekeza kasitomala pakhomo, ndipo ndalama za bandulo ndi zawo. Tisanasiyane tinalowa mu Settings, Accounts, Sign-in options, n'kuika pasiwedi yotsegulira, ndipo ndinawaonetsa kuti akamachoka pa laputopu azikanikiza batani la Windows limodzi ndi L kuti itsekeke. Pasiwedi ya waifai anailemba m'kope lawo la ngongole, tsamba lomaliza, ndi mzere pansi pa zilembo zazikulu. Minibasi ya kumadzulo ndinaipeza yodzaza, ndafika kunyumba kutada.