Madzi, kalilole ndi mtundu woyera mu Lord of the Flies

Ophunzira ambiri akafunsidwa za ziphiphiritso m'nthano yaitali amayankha zoloweza: mtundu woyera ndi chiyero, wofiira ndi magazi, madzi ndi moyo. Ine njira imeneyi sindigwirizana nayo, ndipo buku lomwe landitsimikizira maganizo amenewa ndi Lord of the Flies la William Golding, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1954 ndipo limaphunzitsidwa m'masukulu ambiri, makamaka ku Britain. Ndi nkhani ya anyamata a sukulu omwe ndege yawo idagwera pachilumba chopanda anthu. Powerenga ndimalemba m'kope malo alionse pamene chinthu chabweranso, yemwe ali nacho pafupi, ndi chomwe chasintha poyerekeza ndi pamene ndidachiona koyamba. Tanthauzo limapezeka pa kusinthako.

Tiyambe ndi mutu 4. Jack, mtsogoleri wa alenje, wagwada m'mbali mwa dziwe. Akupaka dongo loyera patsaya limodzi ndi kuzungulira diso, dongo lofiira mbali inayo, kenaka akudula mzere wakuda wa khala kuchoka kukhutu kufika kuchibwano. Iye akuti akuchita izi kuti nkhumba zisamamuone. Koma ngati cholinga chili chobisalira nkhumba basi, akufuniranji kudziona? Akusuzumira m'dziwe, mpweya wake ukugwedeza madziwo, nkhope sikuoneka bwino. Akutuma mapasa aja, Sam ndi Eric, kuti amubweretsere chigoba cha kokonati, ndipo m'madzi a m'chigobamo akuona nkhope ya mlendo woopsa. Akuyamba kuvina, kuseka kwake nkusanduka kulusa.

Pachilumbapo palibe kalilole, choncho madzi ndiwo akugwira ntchito yake. Kalilole timayembekeza kuti ationetse momwe tilili, koma uyu akuonetsa Jack munthu wina, ndipo Jack akukondwera naye. Golding akunena poyera kuti kuseri kwa utotowo mnyamatayu adamasuka ku manyazi. Wowerenga wa kwathu kuno angakumbukire chigoba cha Gule Wamkulu, chomwe nachonso chimabisa munthu. Kusiyana kwake nkwakukulu: gule ali ndi mwambo ndi akuluakulu omuyang'anira, pamene utoto wa Jack ukumuchotsa pansi pa lamulo lililonse. Umboni uli m'mutu womwewo. Akutenga mapasawo, omwe amayenera kusonkhezera moto wa paphiri, kupita nawo kosaka. Moto ukuzima, sitima ikudutsa patali osaona utsi.

Nyanja nayonso siyenera kupatsidwa tanthauzo limodzi. M'mutu 9 anyamata atapha mnzawo Simon, madzi akukwera pang'onopang'ono usiku, tizilombo towala tikuzungulira mtembo wake, khungu lake likunyezimira ngati siliva, nyanja nkumutenga mwaulemu. Ndimeyi imandikhudza mtima kwambiri. M'mutu 11 Roger, mmodzi wa alenje a Jack, akugubuduza chimwala, mnyamata wina dzina lake Piggy akugwera pathanthwe lofiira, funde likubwera kamodzi, pobwerera mtembo palibe. Nyanja ndi yomweyo, koma apa palibe ulemu. Chofanana nchakuti konse kuwiri madzi akuchotsa mtembo, ndipo opha aja sakukakamizika kuyang'ana chomwe achita. Wolemba pamayeso kuti madzi akuimira kuyeretsa wanena theka chabe, chifukwa chomwe chayera ndi gombe, osati mitima ya anyamatawo.

Mtundu woyera ndiwo umakola ambiri. Chigoba cha nkhono ya m'nyanja chomwe Ralph, mtsogoleri wosankhidwa wa anyamatawo, amachiliza poitanitsa msonkhano, chomwenso chimapatsa wochigwira ufulu woyankhula, poyamba chili ndi mtundu wachikasu pang'ono ndi madontho ofiirira. Pofika mutu 5 dzuwa ndi mphepo zachisuluka, chatsala pang'ono kuyereratu, chikuchita kuonekera mkati. Pamene Piggy akufa, chikusweka kukhala tizidutswa toyera. Kuyera kumeneku ndi kusuluka kwa chinthu chomwe mphamvu yake ikutha, monga momwe ulamuliro wa misonkhano ukuthera. M'mutu 12 Ralph akupeza chibade cha nkhumba chili pamtengo, ndipo Golding mwiniwake akufanizira kuyera kwake ndi kwa chigoba chija. Kumapeto msilikali wa pamadzi yemwe akuwapulumutsa wavalanso zoyera, koma m'chiuno ali ndi mfuti ndipo kumbuyo kwake kuli sitima yankhondo.

Pali malire ake. Si mtundu ulionse wotchulidwa m'buku womwe ndi chiphiphiritso. Masamba a mitengo ndi obiriwira chifukwa ndi masamba. Ine ndimafunsa ngati chinthucho chabwera kangapo, ngati chikubwera pa nthawi yomwe nkhani ikukhota, komanso ngati wolemba wachedwapo pochifotokoza. Chigoba cha Ralph chikukwanira pa zonsezi. Poyankha funso ndimatchula mutu 1, 5 ndi 11 motsatana, ndikusonyeza mtundu wa chigobacho pa malo alionse ndi momwe anyamata akuchimverera pa nthawiyo.