Mapilitsi a amayi pa chithunzi cha mlongo wanga

Chithunzicho chinabwera usiku, mvula ya mu Febuluwale ili pa tsiku lachitatu osakata. "Achimwene, taonani mankhwala a amayiwa. Amwe kapena ayi?" Amayi amakhala ku Jali ndi mlongo wanga, ine ndimagwira ntchito yopereka mankhwala m'tauni muno mwa Zomba, ndiye zithunzi zotere sizisowa pafoni panga.

Usikuwo sindinagamule kanthu. Anajambula ndi tochi, mapilitsi ali m'kathumba momwemo. Kuwala kwa babu kapena tochi kumanamiza: pilitsi loyera limaoneka lachikasu, ndipo fulashi imabisa timadontho. Poti amayi amamwa m'mawa, ndinamuuza kuti kukacha awakhuthulire pa mbale yoyera youma, mtundu uliwonse paokha, ajambulire pakhonde popanda fulashi, mbali zonse ziwiri. Ajambulenso kathumbako kali kopanda kanthu, komanso pamene pamakhala mankhwalawo.

Ndinayamba ndi kathumba. Mkati munali nthunzi, timadontho ta madzi titamatirira pa pulasitiki, pansi pake pataundana ufa ngati phala louma. Kaufa pang'ono kouma kamapezeka, mapilitsi akamakhulana m'chikwama. Koma ufa womata ndi umboni woti chinyezi chinalowa.

Kenaka ndinakulitsa chithunzi cha amulodipini, mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Pilitsi labwino limakhala ndi m'mphepete mooneka bwino, ndipo manambala ndi kamzere kamene kamadindidwa pamwamba zimawerengeka. Pa mapilitsi 19 amene anatsala, 6 anali atafufuma, manambala atafufutika, pamwamba pali tokakala ngati chipupa chimene laimu wake wayamba kusupuka. Awiri mwa amenewo anali atang'aluka. Chifukwa chake n'chosavuta. M'pilitsi amaikamo zinthu zokoka madzi, monga sitachi, kuti likafika m'mimba lifufume n'kusweka. Chinyezi chikalipeza m'kathumba, ntchito ija imayambira pomwepo.

"Ndiye tisankhe 13 abwinowo?" anafunsa mlongo wanga. Ndinakana. Onse anagona m'chinyezi chimodzi, enawo sanafike poonetsa chabe.

Asipirini anandivutako. Pa chithunzi ankaoneka bwinobwino, kupatula tinthu tonyezimira ngati timasingano pamwamba pa awiri kapena atatu. Apa chithunzi chinafika pothera nzeru, ndipo ndinamuuza kuti anunkhize. "Akununkha viniga," anatero. Basi. Asipirini akakumana ndi chinyezi amasweka n'kutulutsa asidi yemwe uja wa mu viniga, ndipo fungo likamveka kwambiri choncho, ndi otaya.

Panalinso makapisozi a amokisilini amene amayi anasunga kuyambira chaka chatha, nkhani imene tinakangana payokha, poti amenewo sasungira matenda a mawa. Anali atamatana atatuatatu, ena atabwafuka, utoto wa chikopa chake utadetsa pulasitiki. Chikopa cha kapisozi chimafewa ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo chikauma mopitirira chimang'ambika. Zonsezi zimaoneka pa chithunzi mosavuta.

Panado yekha ndiye anali m'pepala lake la siliva. Pamenepo ndimayang'ana ngati silivayo wabooka, watukuka m'mbali, kapena ngati kachipinda kena katupa. Anali bwino, tsiku lothera mphamvu lisanakwane. Koma chithunzi chomaliza chinandisinthitsa maganizo. Mankhwala onse ankakhala m'chitini pa zenera la kukhitchini, pansi pa malata, pafupi ndi pamene amayatsira mbaula. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 30, ndipo aliyense amene anakhalapo kufupi ndi nyanja ya Chilwa mu Okutobala akudziwa mmene chitini chotero chimatenthera. Kutentha nthawi zina kumasiya chizindikiro, monga utoto wa pamwamba kuchita mawangamawanga kapena kumata, koma kawirikawiri kumachepetsa mphamvu pilitsi likuonekabe latsopano. N'chifukwa chake ine ndikaona chithunzi ndimatha kunena kuti "tayani", koma sindinena kuti "ali bwino" ndisanamve kumene ankasungidwa. Panadoyo anali m'chitinimo chiyambire chilimwe, ndiye anapita nawo limodzi.

Chimene sindinkafuna n'choti amayi akhale masiku osamwa a kuthamanga kwa magazi. Mlongo wanga anamanga zonse m'jumbo, anatenga buku lawo la kuchipatala, n'kukwera kabaza m'mawa womwewo kukasonyeza kumene amalandirira mankhwala. Oonongekawo anawasiya komweko, sanawataye kudzala kumene ana ndi nkhuku amafukula.

Atsopanowo ali m'timatumba tawo totseka bwino, m'botolo louma la chivindikiro cholimba, m'kabati ya kuchipinda. Amayi anadandaula kuti kumeneko aziiwala, ndiye mdzukulu wawo anawaikira alamu ya 6 koloko pafoni.